Maere a M'timabango ndi Mfumba ya Apongozi

Ndinakwatiwa ndi mwamuna wa Chisena kwa Tengani patapita zaka zingapo nkhondo ya Ajeremani itatha. Kwathu kwa Kasisi mwamuna ndiye amabwera kudzakhala chikamwini, koma kwa anzathuwa mkazi ndiye amasamuka, ndiye ndinanyamula kamtolo kanga ndi kukakhala pakhomo pa makolo a mwamuna wanga. Apongozi anga aakazi sanali munthu wankhanza. Vuto lawo linali loti chilichonse chimene ndinkagwira ankachigwiranso pambuyo panga. Ndikasesa, ankadutsamo ndi tsache. Ndikapeta mapira, ankatenga lichero n'kupetanso kawiri, osalankhula kanthu. Ndinkawaopa kwambiri, ndipo pa miyezi isanu ndi itatu yoyamba sindikumbuka kuti tinasekapo limodzi.

Lachitatu lililonse masana tonse awiri tinkapita ku kasukulu ka mpingo, ka makoma a bango, kumene mkazi wa aphunzitsi ankaphunzitsa amayi kusoka ndi kuwerenga. Tinalipo asanu ndi awiri: mkazi wa aphunzitsiyo, apongozi, ineyo, mayi wina woumba mbiya, atsikana awiri apachibale amene anakwatiwa mudzi umodzi, ndi mayi wina wamkulu thupi amene ankagula nsomba kwa asodzi a kudambo n'kumakagulitsa zouma kumtunda. Ameneyu tinkangowatchula kuti mayi a nsomba. Pa onsewa, kupatula mkazi wa aphunzitsi, wowerenga bwino ndinali ine, chifukwa ndinalowako sukulu ndili mtsikana. Enawo ankadziwa kulemba dzina lawo, ena movutikira.

Kutatsala masabata atatu kuti Khirisimasi ifike, mkazi wa aphunzitsi anatiuza za mwambo umene anauona ali mtsikana, pamene ankagwira ntchito m'nyumba ya dona wina ku mishoni. Anati aliyense amatola dzina la mnzake mwamaere, n'kumukonzera mphatso mwachinsinsi. Wolandira sadziwa amene wamupatsa. Aliyense amapereka kamodzi ndi kulandira kamodzi. Tinagwirizana kuti mphatsoyo isakhale yogula kwa Mmwenye, ikhale yapakhomo kapena yopanga ndi manja.

Mayi woumba mbiya anafunsa kuti, "Nanga ife amene timangodziwa dzina lathu lokha, tidziwa bwanji amene tatola?"

Funso limeneli linatitengera theka la tsiku. Tinamaliza ndi kugwirizana kuti pambali pa dzina aliyense ajambule chizindikiro chake, tonse tikuona. Mayi a nsomba anajambula mlamba wa ndevu zazitali. Woumba anajambula mbiya. Apongozi anajambula khasu, ine ndinajambula nkhuku imene anzanga anati ikuoneka ngati chitsa. Aphunzitsi anatipatsa tsamba limodzi la m'kope lakale, tinalidula tizidutswa tisanu ndi tiwiri tofanana. Mayi a nsomba anati pepala lopinda munthu akhoza kulizindikira ndi zala, chifukwa aliyense amapinda mwakemwake. Anazula bango limodzi pa khoma la sukulu, n'kuliduladula timabango tautali wa chala, tofanana ndendende, ndipo kapepala kalikonse tinakakulunga n'kukalowetsa m'kabango kake. Timabango tonse tinatiponya mu mtsuko wa kukamwa kopapatiza, woti dzanja likalowa diso silionamo.

Mkazi wa aphunzitsi anati titole mmodzimmodzi motsata mzere, ndipo amene watola dzina lake alibweze n'kutolanso. Zinayenda bwino mpaka kwa womaliza, amene anali mayi woumba mbiya. Anapisa dzanja, natulutsa kabango kotsala, nakankha kapepala ndi kaudzu. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Mbiya," anatero. "Ndadzitola ndekha. Ndibweze nditole chiyani, poti mumtsuko mulibe kanthu?"

Tinaseka mpaka misozi. Mmodzi wa apachibale aja anati asinthane naye, koma mkulu wake anamugwira mkono. Anati akasinthana, woumba adziwa kuti mphatso yake ichokera kwa ndani, ndiponso mtsikanayo adziwa amene woumba akumukonzera. Chinsinsi chitha pa anthu awiri, ndipo tonse tikhala mboni.

Tinabweza zonse, tinagwedeza mtsuko, tinayambanso mwa njira yomweyo. Ulendo uno zinafika pa anthu awiri omaliza, mkazi wa aphunzitsi ndi apongozi. Mkazi wa aphunzitsi anatola, naona kuti ndi dzina lake, nalibweza, natenga linalo. Apongozi anatenga kabango kotsala. Asanakatsegule n'komwe, mayi a nsomba anayamba kugwedezeka ndi kuseka.

"Musavutike kutsegula, mayi. Tonse tikudziwa amene mwatola. Si dzina limene labwezedwa pompanoli?"

Zinali zoona. Mkazi wa aphunzitsi anagwira pakamwa, nati ku mishoni kuja sankaona bwino mmene ankachitira, iye ankangobweretsa tiyi. Kenaka anati mwina iyeyo angogawa mainawo mwakachetechete, aliyense n'kumunong'oneza wake. Apongozi anakana m'Chisena chawo, mawu amodzi okha, "Nkhabe." Anati akatero ndiye kuti munthu mmodzi adziwa zonse, ndiponso akhala atasankha yekha womupatsa mphatso. Ameneyo sangakhalenso maere.

Mayi a nsomba anakhala pansi bwinobwino, natambasula miyendo, nafotokoza mmene asodzi amachitira akamagawana milu ya nsomba za mu ukonde umodzi. Anati maere akasokonekera pa munthu mmodzi, sakonza pa munthu mmodziyo ayi. Amafafaniza zonse n'kuyambiranso. Anati vuto la njira yathu linali loti wobweza dzina amatola kawiri pamene anzake atola kamodzi, ndipo aliyense amaona zimene zabwerera mumtsuko. Anati tichite chonchi: tonse titole kaye, wina asatsegule. Mtsuko ukatha, titembenuke, tifulatirane, aliyense atsegule kake. Ngati palibe amene wadzitola, zatha. Ngati alipo, ngakhale mmodzi, tonse asanu ndi awiri tibweze, zimene tinaona tiziiwale, tigwedeze, titolenso.

"Ndiye tikhoza kuchezera pano mpaka Khirisimasi," anatero wamng'ono wa apachibale aja.

"Mwina kawiri, mwina katatu, mwina kasanu," anayankha mayi a nsomba. "Zimatheka ndithu. Muli ndi mwana pamoto?"

Ulendo woyamba ndinatsegula n'kupeza mlamba wa ndevu. Mtima wanga unakhala m'malo, chifukwa mayi a nsomba anali munthu wosavuta, woti ukamupatsa ngakhale chipande amavina nacho. Ndinali nditayamba kale kuganiza zoti ndiwasokere kathumba, pamene wamkulu wa apachibale anakweza kapepala kake m'mwamba nati wadzitola. Ndinabweza mlamba wanga monyinyirika. Ulendo wachiwiri anadzitola anthu awiri nthawi imodzi, woumba ndi mkazi wa aphunzitsi, ndipo onse anaonetsa timapepala tawo akuseka.

Ulendo wachitatu ndinafulatira anzanga, ndinayang'ana ku khoma, ndinakankha kapepala. Linali khasu.

Ndinadikira kuti wina anene kuti wadzitola, koma palibe anatero. Ndinkamva nkhunda kunja ndi kupuma kwa mayi a nsomba kumbuyo kwanga. Ndinaganiza za lichero lija, ndi tsache lija, ndi mmene apongozi adzatembenuzire mphatso yanga uku ndi uku pamaso pa anthu kufunafuna polakwika. Mkazi wa aphunzitsi anayamba kunena kuti, "Ndiye kuti zatheka," ndipo ine ndinangomva pakamwa panga pakulankhula.

"Ndadzitola."

Anzanga anadandaula, ena anayamba kale kukulunga timapepala tawo. Koma mayi a nsomba anatembenuka, nandiyang'ana, natambasula dzanja.

"Tionetseni nkhuku ija, mwana wa kwa Kasisi. Anzanu onse amaonetsa."

Sindinaganizeko zimenezo. Kuonetsa sindikanatha, chifukwa apongozi anali pomwepo, mikono iwiri kuchokera pamene ndinaima. Ndinafumbata kapepala kaja, ndinakayang'ananso ngati ndikuwerenga, ndipo ndinati, "Pepani, ndinaona molakwa. Thukuta linalowa m'maso."

"Amene amatiwerengera kalata tonsefe," anatero woumba mbiya, "lero walephera kuzindikira nkhuku yake."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunabweretsa aphunzitsi pakhomo kudzaona. Ine ndinkafuna pansi patatseguka. Wina anafunsa ngati tibwerezenso, koma mayi a nsomba anakana. Anati maere ayenda bwino, palibe wadzitola, ndipo tikalola kubwereza chifukwa wina sanakonde dzina limene watola, mawa aliyense azidzabwereza mpaka atapeza mnzake wapamtima. Kuyambira tsiku limenelo linakhala lamulo lakuti wonena kuti wadzitola aonetse.

Tsono aliyense anadziwa kuti pali munthu mmodzi m'gulumo amene ine sindinamufune. Pobwerera kunyumba apongozi anali patsogolo, ine pambuyo monga mwa masiku onse. Titadutsa munda wa thonje anati, osacheuka, "Amene wamutolayo, kaya ndani, umukonzere chinthu chooneka. Watichititsa kale manyazi kamodzi." Ndinati, "Chabwino, amayi."

Masiku atatu ndinkangowayang'ana apongozi, kufuna kudziwa chimene akusowa. Ndinali ndisanawayang'anepo motero, chifukwa kale ndinkangoyang'ana manja awo ali pa ntchito yanga. Mvula inali itayamba, madzi atadzaza m'madambo, ndipo udzudzu unali wochita kuuphwanya ndi manja awiri. Kumeneko anthu ankagona m'mfumba, mkeka wa mlaza wopinda pawiri ndi kusoka m'mbali ngati thumba, munthu n'kulowamo yense. M'mawa wina apongozi akuyanika yawo padzuwa ndinaona kuti yatha. Kumiyendo inali ndi chibowo cholowa mutu wa mwana, atachitseka ndi sanza, ndipo akakolo awo anali otupa ndi zilonda zokanda. Anali atalukira mfumba mwamuna wawo, ana awo, ngakhale ine nditangofika, koma yawo ankangoti aluka mvula ikatha.

Kuluka ndinkadziwa pang'ono chabe. Ndinakadula nsonga za mlaza, ndinaziyanika pa tsindwi la khola la mbuzi masiku amene kunawala, ndinazing'amba timizere. Mfumba imayamba ndi kuluka nkhata yaitali ya mzere wopyapyala, mikono yambirimbiri, kenaka mizereyo umailumikiza m'mbali ndi chingwe mpaka itakhala mkeka. Ndinkalukira kuseri kwa nkhokwe masana, dzuwa likakula anthu atabwerako kumunda. Mzere wanga unkatuluka ngati njira ya njoka, pena wotakata pena wowonda.

Tsiku lachinayi chithunzithunzi cha munthu chinagwera pa manja anga. Apongozi anaima pamenepo ndi nsengwa ya mphale. Anatola mzere wanga, naukweza kudzuwa, nayang'ana kuwala kukudutsa m'mipata.

"Ichi n'chiyani?"

"Mfumba, amayi."

"Ya mphatso ija?"

"Inde."

"Udzudzu udzalowa muno utagwirana manja." Anaika nsengwa pansi. "Munthuyu unamukana pamaso pa anthu, tsopano ukufuna umudyetsenso kwa udzudzu? Sendera uko."

Anamasula zonse zimene ndinaluka masiku anayi. Ananyowetsa timizere m'madzi kuti tifewe, chimene ine sindinkachita, nandionetsa mmene chala chachikulu chimakanikizira pokhota paliponse. Analuka mkono umodzi, nandipatsa kuti ndipitirize, nandimenya pa dzanja pang'ono pamene ndinalekerera. Mawa lake anabweranso okha nthawi yomweyo, atanyamula mlaza wawo umene anasunga kudenga, woyera bwino kuposa wanga. Ndinayesa kukana.

"Amayi, mphatsoyi iyenera kukhala ya manja anga."

"Manja ako alipo. Angawa akungothandiza kuti Khirisimasi isatipeze tili pa theka."

Choncho masana aliwonse tinkakhala awiri kuseri kwa nkhokwe, iwo mzere wawo, ine wanga. Poluka munthu sungakhale chete masiku khumi. Anandiuza za ulendo wawo wochokera kutsidya kwa mtsinje ali kamtsikana, pa bwato, mayi awo atakumbatira nkhuku. Anandiuza kuti apongozi awo ankawalawira ndiwo ndi chala n'kulavula. Anandifunsa za kwathu, ngati n'zoona kuti amuna a kwa Kasisi amalimira apongozi awo, ndipo nditavomera anaseka mpaka kutsokomola, nati akanadziwa akanabadwira komweko. Za dzina lija sanandifunse mwachindunji, koma ankazungulira.

"Ngati ndi mayi a nsomba, mlazawu sutikwanira."

"Sindinganene, amayi."

"Sindikufunsa dzina. Ndikufunsa msinkhu. Mfumba amayeza pa munthu."

Ndinayang'ana pansi. "Msinkhu wake ngati wanu womwewu."

"Ndiye ndi woumba uja," anatero mokhutira. "Ndinadziwa. Pakamwa pake paja ndi pamene panakuopsa." Anagona chagada pa mkekawo pomwepo pa fumbi, manja m'mbali, nati ndilembe ndi khala pamene pathera mutu, ndiwonjezere chikhato chimodzi. Ndinalemba, kuseka nditakutsekera m'mimba. Kumapeto anati mfumba yopanda mkawo, mzere wokongoletsera, ndi ya mlendo, ndiye ananyika timizere tina m'matope akuda a kudambo n'kulukira mzere wakuda kukamwa kwake. Anati woumbayo aone kuti pakhomo pathu pali anthu.

Tsiku la Khirisimasi m'mawa aliyense anapita kusukulu nthawi yakeyake, n'kukasiya mphatso kuseri kwa mphasa imene mkazi wa aphunzitsi anaimika pakona, atamangirirapo kabango kaja ndi kapepala kake m'kati. Titatuluka m'mapemphero tinasonkhana asanu ndi awiri tija, amuna ndi ana atadzaza pakhomo ndi m'mipata ya bango. Mkazi wa aphunzitsi ankatenga mphatso imodziimodzi, kutsegula kabango, n'kuitana mwini wake.

Mayi a nsomba analandira bakha wamoyo womanga miyendo, amene anali atadya kale theka la mtedza wa mphatso ya wina. Bakhayo ndinamudziwa, anali wa pakhomo pathu, koma ndinakhala chete. Woumba analandira mpango wosokedwa m'mbali. Ine ndinalandira kansengwa ka mchere wophika, woyera ngati ufa, ndi chipeso cha nsungwi. Mpaka lero sindidziwa anandipatsa ndani. Ndimaganizira woumba, kuti anaopa kupereka mbiya poti tikanamudziwa, koma nditamufunsa patapita zaka anangoti mchere ulibe dzina la munthu.

Mfumba inali yomaliza. Mkazi wa aphunzitsi anaitambasula, anthu anayamikira mzere wakuda uja, ndipo apongozi anakhala tsonga akuyang'ana woumba ndi diso la m'mbali. Kapepala kanatuluka.

"Khasu."

Apongozi sanasunthe. Mkazi wa aphunzitsi anabwereza, naitenga mfumbayo n'kuiika pa miyendo pawo. Anaiyang'ana, anayang'ana ine, anayang'ananso mfumba. Anaitembenuza n'kupeza kachizindikiro ka khala kaja kakuonekabe. Ine ndinali nditagwada kale, maso pansi.

"Anthu inu," anatero pang'onopang'ono, "tinatola maere kasanu tsiku lija kuti pasapezeke wodzipatsa yekha mphatso. Mfumba iyi theka ndaluka ndine. Mlaza ndi wanga. Woyezera ndinali ine, ndinagona pa fumbi."

Mayi a nsomba anagwa chammbali ndi kuseka, bakha ali m'khwapa. Nkhani inatuluka panja kudzera m'mipata ya bango, ndipo tinamva amuna akuyamba kuseka, mwamuna wanga mawu ake pamwamba pa onse. Woumba anafunsa mayi a nsomba ngati pamenepa lamulo silikuti tibweze zonse mumtsuko. Iwo anapukuta misozi nati ayi, maere anayenda bwino, kulakwa kunachitikira kuseri kwa nkhokwe, ndipo kumeneko ulamuliro wawo sufikako.

Pobwerera apongozi anandisenzetsa mfumba, iwo ananyamula mchere wanga. Tinayenda mpaka pa mtengo wa masau pamene njira imapatukira kwathu. Pamenepo anaima, ndipo kwa nthawi yoyamba anadikira kuti ndifike pambali pawo.

"Ndiye kuti thukuta lija linali ine."

"Ndinkaopa, amayi. Ndinkati chilichonse chimene ndingapange muchipeza cholakwika."

"Ndipo ndinachipezadi," anatero. Anaganiza pang'ono. "Mbali imene unaluka iwe ndi iti?"

Ndinawaonetsa ya kumiyendo. Anaipinda, anaikoka, anaikweza kudzuwa monga anachitira tsiku lija. Kuwala sikunadutse.

"Takhuta," anatero, kuthokoza kwa Chisena, n'kupitiriza ulendo.

Sanasiye kupetanso mapira anga, ndisaname. Koma tsopano ankatero akulankhula, ndipo ine ndinaphunzira kuwayankha. Nkhani ya mfumba anaifotokoza kwa mlendo aliyense amene anafika pakhomopo zaka zonse zimene anakhala ndi moyo, ndipo ulendo uliwonse gawo limene analuka iwo linkakula. Pamene mwana wanga wachitatu ankabadwa, n'kuti ine nditangogwirako chingwe.